LOLE NDI KATUNGWE: MALONDA AKATSIKA PANG'ONO, PHINDU LIMAGWA CHAGADA

Wolemba Mtolankhani Wathu

Mumsika uliwonse wa mtauni, kaya ndi ku Limbe, ku Ndirande, kwa Tsoka ku Lilongwe kapena ku Mzuzu, muli nkhani imodzi yosatha kukambidwa. Ndi nkhani ya munthu uja geni inkamuyendera bwino ali pa benchi, kenaka anagula galimoto, kapena anatsegula shopu ya magalasi, koma pasanathe zaka ziwiri tinamuonanso pa benchi pomwe paja, mpamba utatheratu. Anthu amangoti anamulodza. Ena amati ndi mowa, ena akuti ndi akazi.

Mwina nthawi zina n'zoona. Koma kawirikawiri mfiti yake si ya usiku ayi. Ili m'kope la masamu, ndipo imagwira ngakhale munthu wopemphera, wosalawa dontho. Akatswiri owerengera ndalama za makampani amaitchula kuti opaleting'i livaleji. Ife tingoti katungwe. Katungwe wa chingwe chachifupi ukamukankha amangogwedera pomwepo. Wa chingwe chachitali, kumukankha pang'ono chabe amakafika kutali kutsogolo, ndipo pobwerera amakafikanso kutali chimodzimodzi kumbuyo. Bizinesi nayo ili ndi chingwe chake. Lero tikufuna tione chomwe chimatalikitsa chingwecho, ndi momwe inu a geni mungachiyezere musanakwere.

Zolipira zili mitundu iwiri

Ndalama zonse zotuluka pa geni zili m'magulu awiri. Gulu loyamba ndi loyenda ndi malonda. Mukapikula matumba ambiri mumalipira zambiri, mukapikula ochepa mumalipira zochepa, mukapanda kupita kooda simulipira kanthu. Mtengo wa katundu kopikula, majumbo okulungira, aganyu okweza ndi kutsitsa, ndiponso ndalama yolipira mwini galimoto pa thumba lililonse, zonsezi zili m'gulu limeneli.

Gulu lachiwiri ndi losamva za malonda. Lendi ya shopu, malipiro a wantchito wa pamwezi, mlonda, laisensi ya kukhonsolo, inshulansi ya galimoto. Izi mwezi ukatha zimagogoda pakhomo, kaya mwagulitsa kaya simunagulitse. Landilodi safunsa ngati kunali makasitomala. Mvula igwe sabata yathunthu, inu mudwale, kumudzi kugwe maliro, iye pa 30 ali pakhomo. Tizitchule kuti zolipira zosagona.

Mfundo yonse yagona apa: zosagona zikachuluka, chingwe cha katungwe chimatalika. Malonda akakwera pang'ono phindu limalumpha kwambiri, malonda akatsika pang'ono phindu limagwa kwambiri. Kuti zimveke, tiyeni tiwerengere limodzi.

Mayi wa hayala ndi bambo wa lole

Tiyerekeze anthu awiri ogulitsa mbatata ya kachewere mu Lilongwe. Onse amakapikula kwa Bembeke ku Dedza, ndipo makasitomala awo ndi anyamata a chiwaya ndi amayi a malesitilanti. Manambala omwe tiike apa ndi ongoyerekeza kuti masamu aphweke, inu muikepo mitengo yanu ya lero. Onse awiri amagula thumba pa K36,000 n'kuligulitsa pa K50,000, ndipo aliyense amagulitsa matumba 200 pamwezi.

Mayi alibe galimoto. Amalipira K10,000 pa thumba lililonse kuti lifike mumsika, kuphatikizapo aganyu. Ndiye kuti pa K50,000 ija tikachotsa K36,000 ndi K10,000, thumba limawasiyira K4,000. Matumba 200 amawasiyira K800,000. Zosagona zawo ndi zochepa: ziphaso za mumsika, mlonda wa usiku ndi mayunitsi a foni, zonse K100,000 pamwezi. Phindu lawo ndi K700,000.

Bambo anatopa ndi kudyetsa eni magalimoto, ndiye anagula lole yawoyawo ya K36 miliyoni. Tsopano pa thumba amangoonongerapo K5,000 ya dizilo ndi aganyu, choncho thumba limawasiyira K9,000. Matumba 200 amawasiyira K1,800,000, kuposa kuwirikiza kawiri za mayi aja. Mpaka apa nkhani ikukoma.

Koma walira mvula walira matope. Dalaivala ndi womuthandiza amalandira K250,000 pamwezi. Inshulansi, mapepala a galimoto, sevisi ndi matayala, tikazigawa pa miyezi ya chaka, zimadya K150,000. Za mumsika zija ndi K100,000 ngati mayi. Ndiye pali china chimene ambiri amachiiwala: lole imatha. Ngati igwire ntchito zaka 5, yomwe ndi miyezi 60, ndiye kuti mwezi uliwonse K600,000 ya mtengo wake ikusungunuka. Zonse pamodzi zosagona za bambo ndi K1,100,000. Tikachotsa pa K1,800,000 phindu lawo ndi K700,000.

Mwaona? Malonda ofanana, phindu lofanana. Munthu wongoyang'ana mwezi umenewu anganene kuti mabizinesi awiriwa ndi mapasa. Si mapasa ayi, ndipo mwezi wotsatira uwaulula.

Disembala wokoma, Januwale wowawa

Wafika Disembala, maukwati ndi zisangalalo zili ponseponse, chipisi chikuyenda. Onse awiri agulitsa matumba 240, kukwera ndi 20 pa 100 alionse. Matumba 40 oonjezerawo abweretsera mayi K4,000 lililonse, yomwe ndi K160,000, phindu lawo lafika K860,000. Kwa bambo matumba omwewo abweretsa K9,000 lililonse, yomwe ndi K360,000, ndipo popeza dalaivala ndi inshulansi zinalipiridwa kale ndi matumba oyamba aja, ndalama yonseyi yangolowa m'phindu. Afika K1,060,000. Malonda akwera ndi 20 peresenti kwa onse, koma phindu la mayi lakwera ndi 23 peresenti pomwe la bambo lakwera ndi 51 peresenti.

Mwezi ngati umenewu ndi umene umapusitsa anthu. Bambo amayenda chotukula mapewa, anzawo n'kumati eee, nafenso tigule lole basi.

Kenaka wabwera Januwale. Makolo ndalama zapita ku fizi ndi feteleza, a chiwaya akukazinga theka la zomwe ankakazinga. Tiyambe ndi kutsika kochepa, matumba 160. Mayi ataya K160,000, atsala ndi K540,000. Bambo ataya K360,000, atsala ndi K340,000. Katungwe uja wabwerera kumbuyo mtunda womwe anapita kutsogolo.

Nanga zinthu zikavuta zenizeni, malonda n'kutsika ndi theka, matumba 100? Mayi apeza K400,000, kuchotsa K100,000, apita kunyumba ndi K300,000. Ndi yochepa, koma ana adya. Bambo apeza K900,000 pomwe zosagona zikufuna K1,100,000. Aluza K200,000. Ntchito agwira yofanana, mbatata yake ndi imodzimodzi, makasitomala ndi omwewo, koma wina wapindula wina walowa m'dzenje.

Choopsa china n'chakuti bambo sadziwa msanga kuti aluza. K600,000 ya kutha kwa lole ija palibe amabwera kudzaitolera, ndiye m'thumba mwawo muoneka K400,000 yotsala, iwo n'kumati ndapindulabe kuposa mayi uja. Chonsecho akudya lole yawo yomwe, lero tayala mawa giyabokosi. Tsiku lomwe injini idzagone, ndalama yogulira ina sidzapezeka, ndipo ndi pamene anthu adzayambe kunena za ufiti.

Yezani chingwe chanu

Pali masamu atatu amene wa geni aliyense angachite kuseri kwa katoni. Oyamba ndi opeza malire a imfa ndi moyo, kutanthauza chiwerengero cha katundu amene muyenera kugulitsa kuti musaluze komanso musapindule. Tengani zosagona zonse za mwezi, mugawe ndi ndalama imene thumba limodzi limakusiyirani. Kwa mayi ndi K100,000 kugawa ndi K4,000, yankho matumba 25. Kwa bambo ndi K1,100,000 kugawa ndi K9,000, yankho matumba 123. Ndiye kuti mayi akamafika tsiku lachinayi la mwezi amakhala atayamba kudzigwirira ntchito, pomwe bambo amatha masabata awiri ndi theka akugwirira ntchito lole.

Masamu achiwiri ndiwo kutalika kwa chingwe. Tengani ndalama imene matumba onse akusiyirani musanachotse zosagona, mugawe ndi phindu lotsala mutachotsa zosagona. Mayi ndi K800,000 kugawa ndi K700,000, yankho ndi 1.1. Bambo ndi K1,800,000 kugawa ndi K700,000, yankho ndi pafupifupi 2.6. Nambala imeneyi ikukuuzani kuti malonda akasuntha ndi 10 peresenti, phindu la mayi lisuntha ndi 11 peresenti, la bambo ndi 26 peresenti, kaya ndi chokwera kaya chotsika.

Chenjerani, nambalayi siikhala malo amodzi. Mukamayandikira malire aja imakula moopsa. Tiyerekeze kuti bambo azolowera kugulitsa matumba 140. Matumbawo awasiyira K1,260,000, phindu K160,000, ndipo mukagawa mupeza pafupifupi 8. Atangotaya matumba 14 okha, kasitomala mmodzi wa lesitilanti atasamukira kwina, phindu litsika kufika K34,000. Kasitomala mmodzi wapita ndi pafupifupi phindu lonse la mwezi. Choncho mukawerengera n'kupeza 5 kapena 8, dziwani kuti mwaima m'mphepete mwa phompho ngakhale kope likuonetsa phindu.

Masamu achitatu ndi a munthu amene sanagule, akungoganiza. Lole yawonjezera K1,000,000 pa zosagona, ndipo ikupulumutsa K5,000 pa thumba. Gawani, mupeza matumba 200. Pamenepo ndi pomwe hayala ndi lole zimafanana. Ngati mumagulitsa oposa 200 mwezi ndi mwezi, lole ikupindulitsani. Ngati mumafika 200 pa Disembala pokha, eni magalimoto amene mukuwada aja ndi abale anu, chifukwa mwezi woipa iwo ndi amene amasenza dalaivala ndi inshulansi, inu muli phee.

Ngongole ndi chingwe chachiwiri

Mpaka pano tayerekeza kuti bambo anagula lole ndi ndalama zawo. Ambiri satero, amakatenga ngongole. Akatswiri amaisiyanitsa nkhani ya ngongole ndi ya zosagona za ntchito, koma kwa wa geni zonse zimamangirirana pa katungwe mmodzi, chifukwa chiwongoladzanja nachonso sichimva za malonda.

Tinene kuti chiwongoladzanja chokha ndi K400,000 pamwezi. Pa matumba 200 phindu la bambo latsika kuchoka pa K700,000 kufika pa K300,000, ndipo K1,800,000 kugawa ndi K300,000 ndi 6. Chingwe chija chachoka pa 2.6 kufika pa 6. Mwezi wa matumba 160, umene poyamba unawasiyira K340,000, tsopano ukuwaluzitsa K60,000. Apa sitinawerengere kubweza mutu wa ngongole, umene banki imafuna ndalama yeniyeni pa tsiku lake, osati nkhani. Ikakhala ya katapila ndiye musachite kufunsa.

Lamulo lake ndi losavuta. Geni ya zosagona zambiri isasenzenso ngongole yaikulu. Geni ya zosagona zochepa, ngati ya mayi ija, ndiyo ingapirire kangongole pang'ono.

Si a kachewere okha

Musaganize kuti ndi vuto la anthu osapita kusukulu. Makampani a ndege ali ndi maakauntanti a madigiri, koma katungwe wawo ndi wautali koopsa: ndege ndi zodula, oyendetsa ndi amakaniko ndi a pamwezi, ndipo ndege youluka ndi mipando yopanda anthu imamwa mafuta pafupifupi ofanana ndi yodzaza. Malinga ndi bungwe la makampani a ndege padziko lonse la IATA, mu 2019 makampaniwa onse pamodzi anapeza phindu la madola pafupifupi 26 biliyoni. Mu 2020, mliri wa korona utatseka malire a mayiko, ndalama zolowa zinatsika ndi theka n'kupitirira pang'ono. Phindu silinatsike ndi theka ayi. Linafufutika lonse, n'kusanduka kuluza kwa madola pafupifupi 138 biliyoni. Ndi nkhani ya bambo wa lole ija, kungosiyana maziro.

Kuno kwathu tinaziona mu Januwale 2022, namondwe wa Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira pa mtsinje wa Shire, dziko n'kutaya pafupifupi mamegawati 130. Magetsi ankazima maola ambiri pa tsiku kwa miyezi yochuluka. Wogulitsa tomato pa benchi anangodandaula za mdima kunyumba. Koma wa chigayo, wowotcherera zitsulo, wa babashopu ndi wa butchala ya mafiliji, lendi ndi antchito zinkawerengabe masiku makina ali zii. N'chimodzimodzi nthawi zomwe mafuta a galimoto anasowa mu 2022 ndi mu 2024: lole yogona masiku atatu pa mzere wa dizilo sinyamula thumba, koma dalaivala ndi inshulansi za masiku atatuwo zimalipiridwa ndithu.

Pomwe masamuwa amalekera

Tisakunamizeni kuti nambala ija ndi mankhwala a matenda onse. Imayeza kusintha kwa kuchuluka kwa katundu wogulitsidwa, mitengo ili pomwepo. Mtengo ukagwa nkhani imasintha. Mbatata ikasefukira mumsika thumba n'kutsika ndi K2,000, pa matumba 200 aliyense wa awiriwa ataya K400,000, onse atsala ndi K300,000. Apa mayi alibe pobisala, ndipo kwa iwo theka la zomwe thumba limawasiyira lapita. Wa zosagona zochepa amaopa kugwa kwa mtengo, wa zosagona zambiri amaopa zonse ziwiri, mtengo ndi kuchepa kwa makasitomala.

Chachiwiri, zosagona sizikhala zosasintha mpaka kalekale. Mu Novembala 2023 kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti, ndipo matayala ndi masipeyala, zomwe zimachokera kunja, zinakwera mtengo. Zosagona zikakwera malire aja amasuntha, choncho masamu a chaka chatha musawakhulupirire chaka chino. Komanso lole ili ndi pomwe imadzazira. Malonda akakula kuposa maulendo amene ingayende, mufunika yachiwiri ndi dalaivala wachiwiri, ndipo zosagona zimalumpha kamodzi n'kamodzi ngati sitepe, osati pang'onopang'ono.

Chachitatu, zina zimaoneka ngati zoyenda ndi malonda chonsecho ndi zosagona zobisala. Dizilo ndi aganyu tawawerengera K5,000 pa thumba poganiza kuti lole imanyamula matumba 25 pa ulendo wa K125,000. Ikabwera ndi matumba 12, dizilo wa ku Dedza ndi wobwerera satsika ndi theka. Ulendo ukangoyambika, ndalama yake yagona kale.

Kufupikitsa chingwe

Nanga amene anagula kale atani? Njira yoyamba ndi kudzaza lole. Mwezi woipa uja wa matumba 100, bambo atanyamulako matumba 50 a anzawo pa K10,000, dizilo ndi aganyu n'kudya K5,000, apeza K250,000 yoonjezera, ndipo kuluza kwa K200,000 kwasanduka phindu la K50,000. Popita ku Dedza lole isapite yopanda kanthu, pali a magolosale ofuna sopo, shuga ndi mchere. Chinthu cha zosagona zambiri mdani wake ndi kukhala chabe.

Njira yachiwiri ndi kusandutsa zosagona kukhala zoyenda ndi malonda. Gwirizanani ndi dalaivala kuti gawo lina la malipiro likhale la pa ulendo. Eni ma minibasi ndi a kabaza amachita zofanana akamapatsa woyendetsa tageti ya tsiku, ngakhale kuti pamenepo katundu wa mwezi woipa amangosamukira pa mutu wa woyendetsayo, ndiye chitani mwachilungamo. Wofuna shopu ayambe wagawana chipinda ndi mnzake. Wofuna filiji yaikulu ayambe walipira malo m'filiji ya wina, aone ngati makasitomala alipodi chaka chonse.

Njira yachitatu ndi kusunga za Disembala. K360,000 yoonjezera ija si ya suti yatsopano, ndi ya Januwale, chifukwa katungwe amene wakupititsani kutsogolo ndi yemweyo akubwezeni. Ndipo K600,000 ya kutha kwa lole muziichotsa mwezi ndi mwezi ngati kuti ndi landilodi waima pakhomo.

Sitikunena kuti lole, chigayo kapena shopu ndi zoipa. Palibe amene anakula pa geni osasenza zosagona, ndipo pa matumba 300 bambo amapeza K1,600,000 pomwe mayi ali pa K1,100,000. Amene ali ndi makasitomala okhazikika, monga sukulu yogonera komweko kapena malesitilanti ogula sabata ndi sabata, chingwe chachitali ndi bwenzi lake. Koma musanasaine pepala lililonse, tsegulani kope lanu la chaka chathachi, mupeze mwezi umene munagulitsa zochepa kwambiri, osati umene munagulitsa zambiri. Werengerani zosagona zatsopanozo pa mwezi umenewo. Mukaona kuti mukutsalabe ndi ya ndiwo, gulani. Mukaona dzenje, pitirizani kulipira K10,000 pa thumba, ndipo mwini lole mukakumana naye mum'patse moni wa ulemu.